Seva ikati 429, musaigogode ngati mwakwiya nayo

Abale anga amene mukulemba khodi kuno ku Joni, ndatopa nako kumva zoti "API yawo ndi yoduka, ikungondikana". Siyoduka ayi. Nthawi zambiri seva yakuuzani kale momveka bwino kuti mwatumiza mapempho ambiri, yakuuzaninso nthawi yoti mubwerere, koma sikiripiti yanu siwerenga yankholo, ikangoona kuti si 200 basi ikutumizanso pompo.

Nkhani imene imandiwawabe ndi ya mnyamata wina wakwathu amene amagwira ntchito pa malo ena obwereka desiki ku Braamfontein. Ankafuna kukoka zambiri za mapulojekiti 300 pa GitHub, opanda tokeni. GitHub ukapanda tokeni imakulola mapempho 60 okha pa ola, ndipo imawerengera pa IP, ndiye poti wayifayi ya pamalopo ndi imodzi, 60 yomweyo ankagawana ndi aliyense wokhala mchipindamo. Yankho litabwera 403 iye anaganiza kuti ndi netiweki, anaika lupu yoti izingobwereza osapuma, nkuisiya usiku wonse. Mmawa anapeza mizere masauzande mu logi koma deta yochepa kwambiri, anzake a pa desiki nawo akudandaula kuti zawo zikukanidwa. Chimene chimandipweteka nchakuti yankho linali mmaheda momwemo chiyambire, `x-ratelimit-remaining` inali pa 0 ndipo `x-ratelimit-reset` inkanena nthawi imene chiwerengero chiyambirenso. Nambala imeneyo ndi masekondi kuchokera mu 1970, mumangochotsapo `time.time()` mwapeza kale kuti mudikire bwanji, osayamba zowonjezera maola awiri a nthawi ya kuno. Akanatenga tokeni malire akanakhala 5,000 pa ola, ntchito yonse ikanatha asanamalize tiyi. Ngakhale opanda tokeni, 300 kugawa ndi 60 ndi maola asanu basi, bola kudikira mwaulemu.

Ndiye choyamba werengani zimene seva yanena. Khodi ya 429, yotanthauza kuti mapempho achuluka, inakhazikitsidwa mu 2012 ndipo kawirikawiri imabwera ndi `Retry-After`, 503 nayonso imatha kubwera nayo. Samalani, heda imeneyi imatha kukhala nambala ya masekondi kapena deti yathunthu, ndiye mukangoiponya mu `int()` tsiku lina pulogalamu idzagwa.

Seva ikakhala chete osanena nthawi mpamene bakofu imalowa, kutanthauza kuti mukakanidwa mumadikira sekondi imodzi, kenako 2, kenako 4, 8, 16, kumangochulukitsa kawiri koma muike denga, tinene masekondi 60. Apa mpamene ambiri amaimira, koma sizokwanira. Ngati muli ndi mawoka khumi ndipo onse akanidwa nthawi imodzi, onse adikira masekondi 2 ndendende nkubwereranso limodzi, kukanidwanso limodzi, ngati anthu pa renki ya Noord kuthamangira chitseko chimodzi cha takisi. Mankhwala ake ndi jita, aliyense asankhe nthawi yake mwachisawawa pakati pa 0 ndi masekondi amene bakofu yafikapo, osapitirira dengalo.

```python
import random, time

ra = r.headers.get("Retry-After", "")
if ra.isdigit():
    time.sleep(int(ra))
else:
    time.sleep(random.uniform(0, min(60, 2 ** n)))
```

Apa `r` ndi yankho la seva, `n` ndi ulendo wachingati mukuyesa kuwerenga kuyambira pa 0, ndipo ikafika 5 kapena 6 imani, lembani mu logi, ntchitoyo ibwerere pamzere idzayesedwe nthawi ina. Deti ikabwera mu `Retry-After` khodi iyi ingoidumpha, mu pulogalamu yeniyeni muiwerenge bwinobwino. Werenganinso malamulo a mwini API, GitHub mwachitsanzo imati ikakukanani chifukwa chotumiza mothinana koma osapereka nthawi, mudikire mphindi imodzi kapena kuposerapo, ndiye masekondi awiri anuwo sakwana.

Komanso si chilichonse chobwerezedwa. 400, 401, 404 mungatumize kazana yankho lidzakhala lomwelo, vuto lili kwa inu. Ndipo POST imene ikulipira ndalama kapena kupanga oda, ikathera nthawi panjira musangoibwereza, mwina seva inalandira kale, kasitomala adzadulidwa kawiri pokhapokha API ili ndi kiyi yozindikirira pempho lobwereza.

Tsono pali anyamata awa a mmagulupu a WhatsApp amene amagulitsa mapulokisi, amvekere "bwana ndi izi simudzaonanso 429". Chonde musawapatse maranda anu. Kusinthasintha IP sikuthandiza ngati malire akuwerengedwa pa tokeni, ndipo pamene zikuoneka ngati zikuyenda mukuphwanya malamulo a mwini deta, akakugwirani amatseka akaunti yonse osati kwa ola limodzi. Kuwonjezera apo zonse mukutumiza zikudutsa pa makina a munthu amene simukumudziwa. Musadikirenso mpaka akutsekereni, mukaona ma 429 akuchuluka mu logi sabata ino chepetsani mawoka lero lomwe, sungani mayankho amene sasintha pafupipafupi kuti musamawafunsenso, ndipo ngati mukufunadi zambiri lemberani eni ake muwapemphe akukwezereni malire.