Kusiyanitsa zipangizo zoyezera m'thupi pakhomo: makina a bipi, okisimita ndi themomita

M'makomo ambiri masiku ano muli zipangizo zoyezera m'thupi, zina zogula kufamase ndipo zina zotumizidwa ndi achibale a ku Joni kapena ku Ulaya. Kawirikawiri zimasungidwa m'kabati imodzi, timapepala ta malangizo titatayika kale. Zambiri zimayendera mabatire, zimalira ndipo zimaonetsa manambala pagalasi, choncho n'zosavuta kuganiza kuti zimanena chinthu chimodzi. Zoona zake n'zakuti chipangizo chilichonse chimayankha funso lake, ndipo nambala yomweyo, monga 98, imatanthauza zinthu zosiyana malinga ndi chipangizo chimene yaonekerapo komanso zilembo zimene zili pambali pake.

Njira yachidule yozisiyanitsira ndiyo kuona pamene chipangizocho chimakhudza thupi. Chokhala ndi lamba wokulunga pamkono, yemwe amafufuma ndi mpweya n'kufinya mkonowo, ndi makina oyezera kuthamanga kwa magazi, amene ambiri amangoti makina a bipi. Kokhala ngati kopanira zovala, komwe kamapana chala n'kuwala mofiira mkati, ndi okisimita, ndipo kamayeza mpweya wa okosijeni umene magazi anyamula. Choika m'khwapa, m'kamwa, m'khutu kapena cholozetsa pachipumi ndi themomita, yoyezera kutentha kwa thupi. Ngati chipangizo chikufuna kuti mubaye chala n'kudontheza magazi pakapepala, chimenecho n'choyezera shuga, ndipo sichigwira ntchito ya chilichonse mwa zitatuzi.

Makina a bipi

Makinawa amaonetsa manambala atatu otsatizana kuchokera pamwamba. Yoyamba, yolembedwa SYS, ndi mphamvu imene magazi amakankhira mitsempha pamene mtima ukupopa. Yachiwiri, yolembedwa DIA, ndi mphamvu yotsala mtima ukapumira pakati pa kugunda kumodzi ndi kwina. Ziwirizi zimawerengedwa pamodzi, mwachitsanzo 128/82, ndipo pambali pake pamalembedwa mmHg. Yachitatu, yolembedwa PULSE, si bipi ayi, koma ndi kuchuluka kwa maulendo amene mtima wagunda pa mphindi imodzi, ndipo kwa munthu wamkulu amene wapuma imakhala pakati pa 60 ndi 100.

Kuchipatala amati munthu ali ndi matenda a kuthamanga kwa magazi ngati pamasiku awiri osiyana nambala yapamwamba yafika 140 kapena kuposerapo, kapena yapansi yafika 90 kapena kuposerapo. Poyeza pakhomo, pamene munthu amakhala womasuka, malire amatsika pang'ono kufika pa 135/85. Nambala ya tsiku limodzi si yokwanira kuti munthu ayambe, asiye kapena asinthe mankhwala payekha. Koma ikafika 180/120, makamaka pamodzi ndi kupweteka pachifuwa, kubanika, kusaona bwino, kulephera kulankhula kapena kufooka mbali imodzi ya thupi, munthuyo apite naye kuchipatala nthawi yomweyo. Mayi woyembekezera akapeza 140/90 akaonane ndi azamba tsiku lomwelo, ngakhale akumva bwino.

Makinawa amapereka manambala olakwika munthu akayeza mothamanga. Woyezedwa ayambe wakodza, asamwe tiyi kapena khofi, kusuta fodya kapena kugwira ntchito yolemetsa kwa mphindi 30, kenako akhale pampando mwakachetechete kwa mphindi 5, msana utatsamira ndipo mapazi onse ali pansi. Lamba akulungidwe pakhungu osati pamwamba pa juzi, masentimita awiri kapena atatu pamwamba pa popindikira chigongono, mkono utagona patebulo molingana ndi mtima. Ayeze kawiri, kusiyanitsa ndi mphindi imodzi, osalankhula. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti malamba ali ndi masaizi. Lamba wamba amakwana mkono wa masentimita 22 mpaka 32 kuzungulira, ndipo akam'manga pamkono waukulu kuposa pamenepo amaonetsa bipi yokwera kuposa mmene ilili. Makina ovala ngati wotchi ndi osavuta kunyamula, koma amaphonya dzanja likangotsika kapena kukwera kuposa mtima, n'chifukwa chake a lamba wa pamkono ndiwo odalirika kwambiri.

Okisimita

Apa ndi pamene chisokonezo chimachuluka, chifukwa kachipangizoka kamaonetsa manambala awiri ooneka mofanana. Yolembedwa SpO2, yokhala ndi chizindikiro cha %, ndiyo ya okosijeni, ndipo mwa munthu wathanzi imakhala pakati pa 95 ndi 100. Yolembedwa PR kapena bpm, nthawi zina yokhala ndi kachithunzi ka mtima, ndi kugunda kwa mtima komwe kuja kumene makina a bipi amalemba kuti PULSE. Okisimita siyeza bipi mpang'ono pomwe, ngakhale kuti anthu ena amaigula poganiza kuti ndi makina a bipi a pachala.

Taonani chitsanzo ichi. Agogo a zaka 68 akhala akutsokomola kwa masiku atatu, ndipo usiku wa lero akupuma mofulumira. Mdzukulu wawo watenga zipangizo zonse zitatu. Makina a bipi aonetsa 128/82 ndi PULSE 98, themomita ya m'khwapa yaonetsa 38.4, ndipo okisimita yaonetsa 89 ndi 98. Mdzukuluyo, pokumbukira kuti nambala yabwino ya okosijeni ndi yoyandikira 100, wagwira 98 n'kuuza a m'banjamo kuti agogo angomwa panado agone. Komatu 98 ija ili pansi pa zilembo PR, ndipo umboni wake ndi wakuti ikufanana ndi PULSE ya pamakina a bipi. Okosijeni ndi 89. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse limaona nambala yochepera 90 ngati chizindikiro chakuti magazi alibe okosijeni wokwanira, ndipo ikaphatikizana ndi chifuwa, kutentha thupi ndi kupuma mofulumira, chibayo ndi chimodzi mwa zoyenera kuganiziridwa. Bipi yabwino ija sikuchotsa vutoli, chifukwa ikuyankha funso lina. Choyenera n'kufunditsa dzanja la agogo, kuyezanso pachala china, ndipo nambala ikakhalabe yotsika, kupita nawo kuchipatala usiku womwewo osadikira kuti kuche.

Nambala ya 93 kapena 94 imene sikukwera mwa munthu wodwala ndi chifukwa chokaonana ndi dokotala tsiku lomwelo, ndipo ya 92 kutsika pansi ndi yofunika changu. Muonetsetsenso kuti galasi simukuliwerenga chadodolido, pakuti 86 ikatembenuzidwa imaoneka ngati 98. Zilembo SpO2 zikhale zowerengeka bwino musanakhulupirire nambala.

Kachipangizoka kamadutsitsa kuwala m'chala, choncho chilichonse chosokoneza kuwalako chimasokoneza nambala. Manja ozizira, utoto wa m'zikhadabo, kunjenjemera ndi dzuwa lowala kwambiri zimachititsa kuti nambala idumphedumphe. Dzanja likhale phee patebulo ndipo mudikire mpaka nambala itakhazikika, zimene zimatenga theka la mphindi kapena mphindi yathunthu. Okisimita ya akuluakulu sigwira bwino pachala cha khanda.

Palinso malire atatu amene amatikhudza kwambiri. Loyamba, kafukufuku wa ku yunivesite ya Michigan ku Amereka, wofalitsidwa mu 2020, anaonetsa kuti mwa anthu akhungu lakuda okisimita imabisa kuchepa kwa okosijeni pafupifupi katatu kuposa mwa azungu, kutanthauza kuti ikhoza kuonetsa nambala yabwinoko kuposa yeniyeni. Motero munthu amene akubanika, akulephera kumaliza chiganizo kapena wasokonezeka maganizo apite kuchipatala ngakhale galasi likuonetsa 95. Lachiwiri, okisimita siyeza kuchepa kwa magazi. Mwana amene watuwa m'zikhato chifukwa cha malungo akhoza kuonetsa 98, popeza magazi ochepa amene watsala nawo ndi odzaza okosijeni. Lachitatu, mpweya wapoizoni wochokera kumbaula ya makala yoyaka m'nyumba yotseka umamatirira m'magazi pamalo pa okosijeni, ndipo kachipangizoka sikasiyanitsa ziwirizi. Anthu amene agona ndi mbaula m'nyengo yozizira n'kudzuka ndi mutu, chizungulire ndi nseru atulutsidwe panja ndi kupita nawo kuchipatala, osayang'ana nambala.

Mitundu ya themomita

Themomita ya batire yooneka ngati cholembera ndiyo yoyenera pakhomo. Nsonga yake iikidwe pakatikati pa khwapa louma, mkono utapanikiza, mpaka italira. M'khwapa, 37.5 kapena kuposerapo ndi kutentha thupi, ndipo nambala ya m'khwapa imakhala yotsikirapo ndi pafupifupi theka la digiri poyerekeza ndi ya m'kamwa. Mwana wosakwana miyezi iwiri akafika 37.5, kapena akatsika pansi pa 35.5, apite naye kuchipatala msanga. Galasi likaonetsa Lo musanayambe kuyeza, sikuti batire yatha, koma kuti nsonga idakali yozizira.

Yolozetsa pachipumi, imene tinaizolowera pazipata za masukulu ndi masitolo m'nthawi ya Kovidi, imayeza khungu lokha, choncho thukuta, mphepo, duku kapena kuchokera padzuwa zimaisokoneza. Zambiri zili ndi batani losankhira Body, yoyezera munthu, kapena Surface, yoyezera pamwamba pa zinthu, ndipo ikakhala pa Surface ikhoza kuonetsa 33 kapena 34 mwa munthu amene thupi latentha. Ya m'khutu si yoyenera khanda losakwana miyezi 6. Yagalasi yakale, yokhala ndi mzere wonyezimira wa mekyule, imafunika kuikutumula mzerewo utsike musanayeze, ndipo ikasweka, timadontho take ndi poizoni: musatigwire ndi manja kapena kutisesa ndi tsache, koma tulutsani ana, tsegulani mawindo ndi kutola timadonthoto ndi kapepala kolimba n'kutitsekera m'botolo.

Nambala 98 imaonekeranso pano. Themomita ikaonetsa 98.6 ndiye kuti yaikidwa pa °F m'malo mwa °C, monga zimakhalira ndi zambiri zochokera ku Amereka. 98.6 °F ndi chimodzimodzi 37 °C, ndipo 100.4 °F ndi 38 °C. Themomita imangonena kuti thupi latentha, siinena chifukwa chake. Malungo amadziwika poyeza magazi kuchipatala kapena kwa alangizi a zaumoyo a m'mudzi, ndipo mankhwala a malungo asamwedwe chifukwa cha nambala ya themomita yokha.

Polemba zotsatira m'kope, lembani tsiku, nthawi, nambala ndi zilembo zake, mwachitsanzo SpO2 89, PR 98, 38.4 °C m'khwapa, chifukwa 98 yolembedwa payokha dokotala sangaimasulire. Popita kuchipatala tengani kopelo pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala, ndipo kamodzi pachaka munyamulenso makina a bipi kuti anamwino ayerekeze nambala yake ndi ya makina awo pamkono womwewo.