Kukalamba Si Kutha Nzeru

"Munthu akakalamba nzeru zimatha, amabwerera ku umwana." Mawu amenewa ndawamva kwa zaka zambiri ndipo ndatopa nawo.

Akatswiri a za maganizo amagawa nzeru pawiri. Pali nzeru zothetsera vuto lachilendo mwachangu, ndipo izi zimayamba kutsika pang'onopang'ono munthu akapitirira zaka za m'ma 20, chifukwa ubongo umachedwerapo kutumiza mauthenga ndipo umasunga zinthu zochepa panthawi imodzi. Palinso nzeru zosonkhanitsa: mawu, luso la ntchito, kudziwa pothera nkhani. Izi zimakulabe mpaka zaka za m'ma 60, chifukwa zimene munthu wazigwiritsa ntchito kambirimbiri zimakhazikika.

Yesani nokha. Uzani wazaka 25 ndi wazaka 70 manambala asanu ndi limodzi, awatchule chobwerera m'mbuyo. Kawirikawiri wachinyamata apambana. Kenako afunseni matanthauzo a mawu ovuta khumi, osawathamangitsa. Apa wamkulu sagonja wamba.

Koma kusochera panjira yozolowera kapena kuiwala achibale si ukalamba chabe, kumafunika dokotala. Musanafalitse zonena zakuti nzeru zimatha munthu akakalamba, funsani kaye: onena zimenezo anayeza liwiro kapena chidziwitso?