Nkhope zamdima pa nyanja: musanamizire foni

Pafupifupi Lolemba lililonse pamafika munthu pamalo anga ojambulira kuno ku Salima, foni ili m'manja, dandaulo lake lomwelomwelo: "Achimwene, kamera ya foniyi yatha, nkhope zikungotuluka mdima wokhawokha." Ndikafunsa komwe anajambulira, yankho ndi ku Senga Bay, m'mawa, anthu atafulatira nyanja. Ndatopa nako kubwereza, koma ndinenanso: kamerayo ilibe mlandu.

Kwathu kuno nyanja ili kum'mawa. Dzuwa limatulukira pamadzi, ndipo madziwo amanyezimira ngati malata atsopano. Kamera ikaona kuwala konseko imadzichepetsera yokha kuwala kolowa kuti thambo ndi madzi zisayere mbuu, ndiye nkhope ya munthu wanu, yomwe ili mumthunzi, imamira. Mankhwala ake ndi chala chanu. Gundani pankhope pasikirini musanajambule. Pabwera kabokosi kapena kamkombero, kusonyeza kuti kamera yalunjika pamenepo, ndipo pambali pake pamakhala kachizindikiro ka dzuwa. Kakokereni m'mwamba pang'onopang'ono mpaka maso a munthuyo aoneke. Thambo liyererako, inde, koma mwabwera kudzajambula mayi anu kapena mitambo? Ngati munthuyo akusunthasuntha, dinikizani chala pankhope osachotsa kwa masekondi awiri. Mafoni ambiri amakhoma pomwepo, ena amalemba AE/AF LOCK, ndipo kuwala sikusinthanso mpaka mutagunda pena. Chophweka kuposa zonsezi ndi kudikira madzulo, dzuwa likapendekera kumtunda: pamenepo limawomba nkhope za amene afulatira nyanja, ndipo madzi amatuluka obiriwira bwino.

Pali nkhani imodzi yomwe imandivutabe mumtima. Mayi wina anabwera ndi chithunzi cha pa chinkhoswe cha mwana wawo, chomwe banja linajambulitsa m'mbali mwa nyanja m'mawa. Pakati panali agogo, omwe anatisiya patangopita miyezi yochepa, ndipo chithunzi chawo chomaliza chinali chimenecho. Mnyamata wojambula anaika kamera ya foni pa Portrait, anthu 9 ataima mizere iwiri. Portrait ndi ya munthu m'modzi kapena awiri, oima mita imodzi kapena awiri kuchokera pa inu, pamalo owala. Foni imachita kulingalira pomwe munthu wathera, n'kufufutiza zonse zakumbuyo kwake. Pagulu imasankha akutsogolo, otsalawo n'kuwayesa mitengo. Agogo anali mzere wachiwiri: nkhope yamdima, yosaoneka bwino, duku litadyeka m'mphepete.

Ndinapempha chithunzi choyambirira, poti mafoni ena, monga a Samsung ndi iPhone, amalola kuchotsa kufufutizako pambuyo pake ngati chithunzicho chikadali mufoni yomwe inajambula. Kunalibe. Mnyamatayo anali atajambulanso kanema wa magule pa 4K, mlingo wa kanema wooneka bwino kwambiri, foni inadzaza, iye n'kutumiza zithunzi pa WhatsApp ndi kufufuta zoyambirira kuti apeze malo. Chomwe chinatsala ndi chithunzi chofinyidwa cha pa WhatsApp, chomwe ukachiwalitsa chimangotuluka timadontho. Ndinawauza zoona mayiwo, ndipo anakhala chete nthawi yaitali foni ili pamiyendo.

Kanema wa 4K ndi chilombo pa malo. Zimasiyana malinga ndi foni, koma mphindi imodzi imatha kudya mamegabaiti pafupifupi 350, pomwe pa mlingo wocheperako wa 1080p 30fps imadya pafupifupi 130. Magule a mphindi 20 ndiye magigabaiti 7 pa 4K, koma osafika atatu pa 1080p. Nanga kanemayo mukaonera pati? Pafoni pomwepo, kapena mumutumiza pa WhatsApp, yomwe imamufinya ndithu. Lowani mu Settings ya kamera, ikani 1080p 30fps lero, osati tsiku la mwambo. Mukaona HEVC kapena High efficiency, yatsani, imachepetsa malo pafupifupi ndi theka, ngakhale makompyuta ena akale amakana kutsegula kanema wotere.

Chomwe chinandipweteka kwambiri n'choti mayiwo asanafike kwa ine anali atalipira kale munthu wina wokonza mafoni, yemwe anawalonjeza kuti abweza nkhope ya agogo. Anawapatsa nkhope yosalala, yamaso achilendo, ya munthu amene banjalo silimudziwa. Mapulogalamu otere sabweza zomwe kamera sinagwire, amangopeka. Chimodzimodzi amene angakuuzeni kuti musinthitse kamera musanapukute n'komwe galasi lake ndi kansalu kofewa: thukuta ndi mafuta a chambo a m'zala n'zokwanira kuchititsa chithunzi chifunga.

Ndipo chonde, mukajambula chithunzi cha banja, musawabalalitse anthu msanga. Chikulitseni ndi zala ziwiri pomwepo, muone nkhope imodziimodzi, makamaka za akuluakulu. Ngati ina yamira, atembenuzeni ayang'ane komwe kuli dzuwa, chotsani Portrait, mujambulenso onse akadali chiimire.