Kuwawa kwa ntchafu pambuyo pa masewera: kupitiriza kapena kupuma?

Munthu amene wakhala miyezi ingapo osathamanga akabwerera pabwalo la mpira Loweruka, kawirikawiri amagona bwinobwino, koma Lolemba likamakwana amavutika kukhala pampando ndiponso kutsika masitepe. Kuphwanya kwa thupi kotereku kumayamba pakapita maola 12 mpaka 24, kumafika pachimake pakati pa maola 24 ndi 72, ndipo kumatha kokha sabata isanathe. Kumabwera chifukwa minofu yagwira ntchito imene sinaizolowere, makamaka ntchito yogwira thupi pamene likutsetsereka kapena likuima mwadzidzidzi. N'chifukwa chake anthu okwera phiri la Mulanje amadandaula kwambiri ntchafu akatsika kusiyana ndi pamene akukwera.

Chofunika kudzifunsa si kukula kwa ululu, koma nthawi imene unayamba ndi malo amene uli. Kuwawa wamba kumagwira miyendo yonse iwiri, kumamveka mu mnofu wonse, ndipo munthu akauzidwa kuti aloze pamene pakuwawa amasisita ndi chikhatho chonse. Wovulala amaloza ndi chala chimodzi, ndipo amakumbukira mphindi yeniyeni imene zinachitikira.

Tiyerekeze wosewera amene akuthamangira mpira mwaliwiro, kenako n'kumva kubaya kuseri kwa ntchafu ya kumanja, mpaka kuima atagwira pamalopo. M'mawa mwake akutsimphina, ndipo akagona chafufumimba n'kuyesa kupinda bondo wina atamugwira chidendene, mwendowo ulibe mphamvu poyerekeza ndi wa kumanzere. Pakapita masiku awiri kapena atatu khungu likhoza kuda chakumunsi, pafupi ndi kuseri kwa bondo, chifukwa cha magazi amene atayikira m'kati. Pamenepa mnofu wang'ambika, ndipo sayenera kuthamanga. M'masiku oyambirirawa asalole anzake kumutikita mwamphamvu kapena kumuwongola mwendo mokakamiza, popeza zimenezi zimawonjezera kukha magazi. Akhoza kuikapo ayezi wokulunga m'nsalu kwa mphindi 15 mpaka 20, koma ngati akulephera kuponda, apite kuchipatala.

Amene akukayika ayambe wayenda ndawala kapena kuthamanga pang'onopang'ono kwa mphindi 10. Ngati minofu ikumasuka ndipo sakutsimphina, apitirize, koma tsiku limenelo achepetse liwiro ndi katundu wonyamula. Ngati ululu ukukulirakulira, ukubaya, kapena uli pa fupa, mwachitsanzo pamalo amodzi pa msongolo, asiye pomwepo, chifukwa fupa limatha kuyamba mng'alu kaamba kothamanga mopyola muyeso. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chizolowezi chomwa bulufeni munthu asanalowe m'bwalo, poti mankhwalawa amangobisa ululu pamene bala likukula.

Pali chizindikiro chimodzi chosayenera kudikira nacho mawa. Ngati pambuyo pa masewera olemetsa minofu yatupa kwambiri, thupi lafooka, ndipo mkodzo wada ngati tiyi wopanda mkaka, ndiye kuti mwina minofu yawonongeka kwambiri moti impso zili pachiopsezo, ndipo munthuyo afike kuchipatala tsiku lomwelo.