Pepala la labotale la Chifalansa: nambala yopanda muyezo wake ingakuphereni m'bale

Ndatopa nako kulandira timapepala ta m'kope tolembedwa pamanja kuti "Shuga 2.7, magazi 10.2", mwini wake n'kumandifunsa ngati zili bwino. Ndikafunsa kumene kuli pepala lenileni la ku labotale, amati lili kunyumba, popeza ndi la Chifalansa ndiye anapeza mwana wa sekondale amene anaphunzirako chinenerocho kuti awamasulire. Mwanayo amagwira ntchito ndi mtima wonse, sindikumunena. Koma amakopera dzina la chimene anayeza ndi nambala yake basi, n'kusiya timalemba tating'ono totsatira nambalayo, pamene ife ogwira ntchito mu labotale timayambira kuwerenga pomwepo. Munthu atakuuzani kuti wakolola chimanga 20 osatchula ngati ndi ndowa kapena matumba, mungadziwe ngati kwawo kuli njala?

Mapepala otere akuchuluka. Ena amabwera nawo makolo amene anakachezera ana awo ku France, ena ndi madalaivala a mathiraki amene anadwalira ku Lubumbashi, enanso ndi anzathu ochokera ku Congo ndi Burundi okhala ku Dzaleka. Malabotale a m'mayiko amenewa salemba mofanana onse, choncho musaloweze kuti "Chifalansa chimatere". Werengani pepala limene lili m'manja mwanulo.

Nkhani imene imandiwawabe ndi ya mayi ena a zaka 62. Ali kwa mwana wawo ku France ankadandaula ludzu ndi kutopa, ndipo anawayeza magazi kutatsala masiku ochepa kuti akwere ndege. Kumeneko zotsatira nthawi zambiri zimafika kwa wodwala mwiniwake, ndipo mayiwa anabwerera kuno asanakaonanenso ndi dokotala amene anawatuma. Mizere yofunika papepala lawo inali yotere:

```
Glycémie à jeun        2,70 g/L     (0,70 - 1,10)
                      14,99 mmol/L  (3,89 - 6,11)
Hémoglobine glyquée   10,2 %
Créatinine            16,0 mg/L     (5,0 - 10,0)
DFG                   36 mL/min/1,73 m²
```

Mdzukulu wawo anamasulira mzere woyamba molondola ndithu: shuga wa m'magazi munthu asanadye. Analemba 2.7. Mzere wachiwiri, popeza unalibe dzina kumanzere kwake, anaudumpha. Nambalayo anaitumiza pafoni kwa wachibale amene anagwirako ntchito kuchipatala, ndipo iye, atazolowera mmol/L, anayankha msanga kuti shuga wa agogo watsika kwambiri, apatseni zotsekemera. Akanakhala kuti ndi 2.7 mmol/L, malangizowo anali oona, chifukwa shuga akatsika kupitirira 3.9 munthu amayamba kunjenjemera, thukuta lili kamukamu, mwinanso kukomoka. Koma 2,70 ameneyu anali wa magalamu pa lita. Kuti g/L asanduke mmol/L mumachulukitsa ndi 5.55, ndipo mupeza pafupifupi 15. Ngati kamakina kanu koyezera shuga kamawerenga mg/dL, chulukitsani ndi 100, mupeza 270. Matenda a shuga timayamba kuwatchula pa 1,26 g/L munthu asanadye, amene ndi 7.0 mmol/L kapena 126 mg/dL. Mayiwa anali atapitirira malire amenewo kawiri, ndipo banja lonse linali kalikiliki kuwathirira shuga wambiri mu tiyi.

Chimandipweteka n'chakuti yankho linali pomwepo. Ngakhale wosadziwa masamu amenewa akanangoyang'ana manambala a m'mbali, amene pamwamba pake pamalembedwa Valeurs de référence, akanaona kuti 2,70 ndi wamkulu kuposa 1,10. Malire amenewa amayenda ndi nambala yake, m'muyezo womwewo, kuchokera ku labotale yomweyo. Simungatenge nambala ya ku Lyon n'kuiyerekeza ndi malire amene munawaloweza ku Lilongwe.

Mzere wachitatu unawasokoneza koposa. Mdzukulu ataona Hémoglobine analemba kuti "magazi 10.2", ndipo aliyense anati agogo magazi achepa, poti kwa mayi timayembekezera 12 kupita m'mwamba. Anayamba kuwaphikira chidede, chothira shuga, ndi kuwagulira mankhwala amadzi owonjezera magazi. Koma Hémoglobine glyquée, imene ena amangolemba HbA1c, siyeza kuchuluka kwa magazi ayi. Imaonetsa mmene shuga wakhala akuyendera m'thupi pa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, ndipo chizindikiro chake ndi %, osati g/dL. Kuyambira 6,5 % ndi matenda a shuga. Nambala ya 10,2 inkanena kuti vutoli silinayambe dzulo, komanso kuti palibe amene angazembe ponena kuti mwina anadya asanakayezedwe. Kuchuluka kwa magazi kumene banjali linkaganiza kumapezeka pagawo lina, lolembedwa NFS kapena Hémogramme, limene kuno timalemba FBC, ndipo kwa mayiwa kunalibe vuto.

Za Créatinine, zinyalala za m'magazi zimene zimachuluka impso zikafooka, sanavutike nazo n'komwe. Wachibale uja ataona 16 anati impso zili bwino kwambiri, chifukwa mu µmol/L amene anazolowera, manambala abwino amakhala cha m'ma 60 mpaka 100. Koma 10 mg/L ndi 88.4 µmol/L, ndiye 16 mg/L ndi pafupifupi 141. Pansi pake, DFG ndi chiyerekezo cha mmene impso zikusefera magazi, chimene mapepala athu amalemba eGFR. Impso zabwino zimakhala cha pa 90 kupita m'mwamba, ndipo nambala ikakhala pansi pa 60 kwa miyezi itatu timati impso zadwala. Mayiwa anali pa 36. Nambala imeneyi ndi imene dokotala amayang'ana asanasankhe mankhwala a shuga ndi mlingo wake, ndiponso ndi imene ikanawaletsa kumwa mapilitsi opha ululu a nyamakazi amene ankagula pagolosale chifukwa cha mawondo, omwe amawononga impso zofooka kale.

Patapita masabata angapo anafika nawo kuchipatala atawanyamula, pakamwa pali gwa, maso atalowa, akuyankha mwa apo ndi apo. Kamakina ka shuga kanangolemba HI, kutanthauza kuti nambala yapitirira pamene kangawerenge. Anagonekedwa, analandira madzi a m'diripi ndi insulini, ndipo anatuluka ali moyo, koma impso zawo sizinabwerere pamene zinali. Pepala lenileni linatulukira m'chikwama chawo ali kale pabedi, lopindidwa bwinobwino mkati mwa buku lakuchipatala. Mwana wawo wamkazi anandifunsa kuti, "Ndiye kuti amayi tawadwalitsa ndife?" Ndinamuuza kuti matendawo analipo kale. Koma masabata amenewo akanapulumuka.

Tsono ngati mwapatsidwa pepala lotere kuti mumasulire, musakopere m'kope ngati mukulemba mndandanda wa zogula. Jambulani kapena chitani fotokope masamba onse, ndipo kumasulira kwanu kulembedwe pambali pa mzere uliwonse, nambala, muyezo ndi malire zikhale mmene zilili. Musasinthe muyezo nokha n'kufufuta wakalewo. Mukasintha, lembani zonse ziwiri kuti dokotala athe kubwereza masamu anu. Chidule chimene simukuchidziwa chisiyeni mmene chilili, musachiganizire. Ndi bwino ine ndione VGM n'kudziwa kuti ndi MCV, kukula kwa timaselo tofiira, kusiyana n'kuti mundilembere dzina lolakwika. ASAT ndi ALAT, zimene mapepala ena amalemba TGO ndi TGP, ndi za chiwindi. GE papepala la ku Congo ndi kuyeza malungo pagalasi. Ag HBs positif ndi kachilombo ka matenda a chiwindi a mtundu wa B, pamene Ac anti-HBs positif kawirikawiri ndi chitetezo, monga cha katemera. Kusiyana kwa Ag ndi Ac ndi kalemba kamodzi, ndipo ndaonapo banja likugwedezeka chifukwa cha kalemba kameneko.

Samalani ndi kalembedwe ka manambala. Pamene ife timaika kadontho, Afalansa amaika mpatuliro: 2,70 ndi 2.70, si 270 kapena 2,700. Masauzande amawalekanitsa ndi mpata, ngati 4 500. Ndiye pali G wamkulu ndi g wamng'ono. Plaquettes 180 G/L si magalamu. Ndi timaselo toundanitsa magazi mabiliyoni 180 pa lita, zomwe zili bwinobwino pakati pa 150 ndi 400. Kumanja kwenikweni kwa tsamba nthawi zina kumakhala danga lolembedwa Antériorités, lokhala ndi deti lake. Zimenezo ndi zotsatira zakale za munthu yemweyo, osati za lero. Onaninso deti la prélèvement, tsiku limene magazi anatengedwa, chifukwa pepala la miyezi isanu ndi umodzi yapitayo silinganene za wodwala amene akusanza lero.

Palinso mbali ina imene imandidetsa nkhawa, ya anthu amene amachita mantha ndi nambala iliyonse yolembedwa mochindikala kapena yokhala ndi kanyenyezi, chizindikiro chakuti yagwera kunja kwa malire. Malire ambiri amaikidwa mwakuti anthu athanzi 95 pa 100 alionse agwere mkati, choncho mmodzi mwa anthu 20 athanzi amagwera kunja pang'ono popanda matenda. Chitsanzo chimene chimatikhudza ife ndi Polynucléaires neutrophiles, mtundu wina wa timaselo toyera. Anthu ambiri akuda mwachibadwa amakhala nato tochepera poyerekeza ndi azungu, ndiye labotale ya ku France ikhoza kuika kanyenyezi pa 1,4 G/L kwa munthu amene alibe vuto lililonse. Womasulira asanene kuti "chitetezo chatha", komanso asanene kuti "palibe kanthu". Alembe zimene zalembedwa, kuweruza akusiyire amene amuone wodwalayo ndi maso.

Mantha amenewa ndi amene amadyetsa anthu ena. Alipo amene amayendayenda ndi kamakina kogwiritsa m'dzanja, amati kamaona ziwalo zonse m'thupi, ndipo akaona pepala la chinenero chachilendo amakondwa chifukwa akudziwa kuti simungawatsutse. Amaloza kanyenyezi, n'kukugulitsani mabotolo "otsuka magazi" kapena "otsuka impso" a ndalama zambirimbiri. Palibe chakumwa chimene chimatsuka Créatinine, ndipo zosakaniza zosadziwika zimatha kumaliza impso zimene zinatsala ndi mphamvu pang'ono. Munthu amene sangakuuzeni kusiyana kwa g/L ndi mmol/L asakhudze pepala lanu, ngakhale atavala chovala choyera.

Musadikirenso womasulira pamene thupi likulankhula kale. Wodwala akamamwa madzi osakhuta, kukodza usiku wonse, kuwonda, kusanza, kuodzera masana kapena kupuma mwabefu, mutengereni kuchipatala tsiku lomwelo, pepala lachifalansalo lili m'manja mmene lilili, masamba onse. Kuyeza shuga pachala sikutenga ngakhale mphindi imodzi, ndipo manambala ndi miyezo tidzaziwerenga ngakhale pasapezeke wolankhula Chifalansa m'chipatala monsemo.