Kakompyuta kopanda sikirini: zonse zikonzedwe pa khadi musanayatse

Raspberry Pi ikafika kuno ku Kasungu imabwera yokhayokha, kabolodi kokwana m'dzanja, kopanda sikirini, kopanda kiyibodi. Ambiri amayamba kusakasaka TV ndi chingwe cha HDMI, koma zonsezo n'zosafunika. Mutha kuilamula muli pa laputopu yanu kudzera pa SSH, njira yotumizira malamulo ku kompyuta ina pa netiweki. Chachikulu n'chakuti Pi singakufunseni kanthu poyaka, choncho mayankho onse ayenera kukhala atalembedwa kale pa memori khadi.

Kale zinali zophweka. Koma kuyambira mu Novembala 2016, Raspberry Pi OS, pulogalamu yaikulu yoyendetsa Pi, imabwera SSH ili yotseka, ndipo mu Epulo 2022 anachotsanso dzina `pi` ndi pasiwedi `raspberry` zimene aliyense ankadziwa. Malangizo akale akakuuzani kuti mulowe ndi dzina limenelo, asiyeni.

Tiyerekeze kuti muli ndi Pi Zero 2 W, khadi la 16 GB, laputopu ndi foni yogawira netiweki. Tsegulani pa laputopu Raspberry Pi Imager, pulogalamu yolembera khadi, sankhani Raspberry Pi OS Lite, yomwe ilibe zithunzi ndipo siimaliza bandulo yambiri poitsitsa. Imager imapereka mwayi wokonzeratu zinthu isanalembe khadi, ndipo apa ndi pamene pagona ntchito yonse. Kakompyutako kapatseni dzina, monga `kasungu1`. Lembani dzina lolowera, monga `ofesi`, ndi pasiwedi yolimba. Lembani dzina ndi pasiwedi za hotisipoti ya foni ndendende monga zilili, chifukwa chilembo chachikulu ndi chaching'ono n'zosiyana. Dziko ndi `MW`, nthawi ndi `Africa/Blantyre`. Pomaliza chongani `Enable SSH`.

Pa hotisipoti ndikhalepo pang'ono, chifukwa ndi pamene ndimaona anthu akutaya tsiku. Zero 2 W imamva netiweki ya 2.4 GHz yokha. Mafoni ambiri atsopano amathanso kugawa pa 5 GHz, ndipo foni ikakhala pamenepo laputopu imalumikizika bwinobwino pamene Pi sikuona chilichonse. Munthu amayamba kukayikira khadi kapena bolodi, pamene vuto lili m'foni. Isintheni ikhale pa 2.4 GHz musanayatse Pi.

Lowetsani khadi, lumikizani tchaja cha 5V chokwana 2.5A, ndipo dikirani mphindi zingapo. Poyaka koyamba Pi imakonza khadi n'kuzimanso n'kuyakanso yokha, ndiye musazule chingwe. Ngati magetsi akuvutavuta, ndi bwino kuiyatsira pa pawa banki, chifukwa moto ukaduka ikulemba, khadi limatha kusokonekera. Laputopu ili pa hotisipoti yomweyo, tsegulani pulogalamu yolembamo malamulo, monga Terminal kapena PowerShell, n'kulemba:

```
ssh ofesi@kasungu1.local
```

Idzafunsa ngati mukuikhulupirira kompyutayo, muyankhe `yes`. Polemba pasiwedi sipaoneka chilichonse pa sikirini, koma ikulembeka ndithu.

Zikakanika, werengani uthengawo modekha, pakuti umanena pamene pavuta. `Could not resolve hostname` ndiye kuti dzinalo silinapezeke pa netiweki. Onani pa foni mndandanda wa zipangizo zolumikizidwa. Ngati Pi ilipo ndipo foni ikuonetsa adiresi yake ya IP, ilembeni m'malo mwa dzina lija. Ngati palibe, mwalakwitsa dzina kapena pasiwedi ya hotisipoti, kapena ndi nkhani ya 5 GHz ija. Apa pali njira yachidule: m'malo molembanso khadi lonse, sinthani dzina ndi pasiwedi pa foni zifanane ndi zimene munalemba pa khadi, kenako zimitsani Pi n'kuiyatsanso.

`Connection refused` ndi nkhani yabwinoko, chifukwa Pi yafika pa netiweki, kungoti SSH ndi yotseka. Bwezerani khadi mu laputopu, tsegulani gawo lotchedwa `bootfs`, ikanimo fayilo yopanda kanthu ya dzina `ssh`. Pi ikaiona poyaka imatsegula SSH n'kuifufuta fayiloyo, choncho musadabwe mukaipeza kulibe. `Permission denied` ndiye kuti netiweki ndi SSH zili bwino, cholakwika ndi dzina lolowera kapena pasiwedi.

Mukalembanso khadi n'kusunga dzina lomwelo, laputopu idzakana ndi chenjezo lakuti `REMOTE HOST IDENTIFICATION HAS CHANGED`. Imakumbukira kiyi, chizindikiro chimene inkadziwira nacho Pi yakale, pamene khadi latsopano lapanga kiyi wina. Ngati mukudziwa kuti mwalemba khadilo ndinu, chotsani kiyi wakaleyo:

```
ssh-keygen -R kasungu1.local
```

Pomaliza ntchito musangozula tchaja. Lembani `sudo poweroff`, dikirani kagetsi kobiriwira kasiye kuphethira, ndipo kenako zulani.