Sofa yoyandama pabalaza: pezani kaye mzere wa diso

Mlungu uliwonse ndimalandira chithunzi cha mtundu womwewo. Pabalaza pooneka bwino, matayilosi onyezimira, ndipo pakati pake sofa yomwe wina waidula pa chithunzi china n'kuimata. Funso nalonso ndi lomwelo: "Achimwene, ndiwonjezere mthunzi wotani kuti ioneke yeniyeni?" Ndatopa nako kuyankha kuti vuto si mthunzi. Sofayo inajambulidwa munthu ataimirira pafupi, akuiyang'ana chotsitsa, pomwe pabalazapo anajambula atakhala pampando. Mungadetse pansi pake usiku wonse, idzayandamabe.

Chithunzi chilichonse chili ndi mzere wosaoneka umene umapingasa pa msinkhu pomwe panali kamera. Ine ndimautcha mzere wa diso. Kuupeza sikuvuta. Tengani mizere iwiri ya m'chipindamo imene ikulowera mkati, monga pamene khoma la kumanzere lakumana ndi pansi, ndi pamene khoma lomwelo lakumana ndi siling'i. Italikitseni pa leya yatsopano, yomwe ili ngati pepala loonekera pamwamba pa chithunzi, mpaka ikumane. Pamene yakumanapo jambulani mzere wopingasa, ndipo ndi umenewo. Chilichonse chili kunsi kwa mzerewu mumachiona pamwamba pake, monga tebulo kapena pokhalira pa sofa. Chimene chaupitirira, monga wadilopu, pamwamba pake simungapaone. Tsono chinthu chomwe mukumatacho chilinso ndi mzere wake wa diso umene chinabwera nawo. Mizere iwiriyi ikapanda kugonerana pamodzi, aliyense amaona kuti pali chalakwika, ngakhale gogo amene sanagwirepo kompyuta.

Mzere womwewu ndi umene umakuuzani kukula kwa chinthu, ndipo apa ndi pamene pali nkhani imene imandipwetekabe mtima. Mayi wina anabwera kwa ine ndi chithunzi m'foni mwake. Anafuna sofa ya anthu atatu kwa kalipentala, koma ankakayika ngati ikwane pakhoma la pakati pa khomo ndi ngodya. Mnyamata wina wodzitcha katswiri anawamatira sofayo pa chithunzi cha pabalaza pawo, inakwana bwinobwino mpaka kutsala malo a kampando. Mayiwo analipira, sofa inakhomedwa, inafika pa lole. Inatseka khomo. Anadza kwa ine zonse zitatha, kudzangofunsa kuti chithunzi chinanama bwanji.

Tinawerengera limodzi. Chitseko cha nyumba zambiri chimatalika pafupifupi mamita 2. Mzere wa diso unadula chitseko chawo pa magawo atatu mwa anayi kuchokera pansi, kusonyeza kuti foni inali pa masentimita 150. Lamulo lake ndi ili: paliponse pamene mungaloze pansi pa chipinda, mtunda wochokera pamenepo kukwera kufika pa mzere wa diso ndi msinkhu wa kamera. M'tsinde mwa khoma lija, lomwe linayang'anizana ndi kamera, mtundawu unali mapikiselo 600, timadontho timene timapanga chithunzi. Mapikiselo 600 kuimira masentimita 150, ndiye kuti sentimita iliyonse ndi mapikiselo 4. Msana wa sofa unali wa masentimita 85, choncho unayenera kukwera mapikiselo 340. M'litali inali ya masentimita 220, omwe ndi mapikiselo 880. Malo apakhoma anali mapikiselo 760, kutanthauza masentimita 190. Mnyamata uja anangoichepetsa mpaka itakwana, msana wake n'kukhala mapikiselo 230 okha. Anawaonetsa mayi aja sofa ya masentimita ngati 150 imene kulibe. Masamu amenewa satha ngakhale mphindi zisanu, ndipo tepi yoyezera ikanathetsa nkhaniyi chithunzi chisanajambulidwe n'komwe. Ndalama za sofayo mayiwo anali atazisonkhanitsa kwa miyezi.

Ndiye ndikuchenjezeni. Munthu amene akukumatirani katundu pa chithunzi osakufunsani muyeso uliwonse, wa chitseko, wa khoma kapena wa katunduyo, akukujambulirani maloto. Ngati n'chithunzi chongosangalatsa anzanu palibe kanthu. Koma ngati mukufuna kugula potengera chithunzicho, mufunseni kuti mzere wa diso uli pati. Akayamba kukuuzani za mafiluta, tengani foni yanu muzipita.

Kumbukiraninso kuti mapikiselo 4 aja ndi a m'tsinde mwa khoma basi. Miyendo yakutsogolo ya sofa ili pafupi ndi kamera, ndipo pamenepo kufika pa mzere wa diso mwina ndi mapikiselo 720, ndiye sentimita imakhala mapikiselo 4.8. Poika mkono pa sofayo, ngati ndi potalika masentimita 60, payenera kukwera mapikiselo 288 kutsogoloko. Yezani kumbuyo ndi kutsogolo komwe. Zonse ziwiri zikagwirizana ndi sofa yanu, zithunzizo n'zapachibale. Kumbuyo kukakwana koma kutsogolo n'kukana, zinajambulidwa mosiyana.

Apa ambiri amathamangira ku Photoshop, kudina `Ctrl+T`, kusankha `Distort` n'kuyamba kukoka ngodya. Ku GIMP amachita chimodzimodzi ndi `Shift+P`. Zida zimenezi n'zabwino pa chinthu chafulati: kapeti, chithunzi chapakhoma, chitseko cha kabati. Kapeti mukhoza kuigoneka pansi ndithu potsata mizere ya matayilosi. Koma sofa ili ndi mbali zingapo, ndipo kukoka sikungatulutse mbali imene kamera sinaione. Ngati sofa inajambulidwa chapansi, pokhalira pake palibe m'chithunzimo, ndipo mukakoka mumangopeza miyendo yopindika ndi makushoni otupa. `Perspective Warp` imathandiza pang'ono chifukwa imalola kugawa kutsogolo ndi m'mbali padera, komabe imangokonza kusiyana kochepa.

Galimoto ndiye imaulula msanga. Zithunzi zambiri zotsatsa malonda zimajambulidwa chapansi, pa msinkhu wa nyale, komanso patali, kuti galimoto ioneke yamphamvu. Galaja yanu mwaijambula mutaimirira pakhomo, mwinanso foni ili pa `0.5x` kuti zonse zilowe. Lenzi yotambalala imeneyi imakuchititsani kuima pafupi kwambiri, ndiye zapafupi zimakula, zapatali n'kuchepa msanga, pomwe galimoto yojambulidwa patali ili ndi tayala lakutsogolo ndi lakumbuyo ofanana pafupifupi. Mukaimata, tayala limodzi likagunda simenti linalo limalendewera. Chizindikiro china n'chosavuta. Galimoto yaing'ono ngati Corolla imatalika pafupifupi mita ndi theka, ndiye pa chithunzi cha munthu woimirira denga lake liyenera kukhala pafupi ndi mzere wa diso, kaya ili pakhomo kaya ili mkati mwenimweni. Denga likakhala kutali kunsi kwa mzerewo mwaika kidole. Likaupitirira kwambiri mwaika minibasi.

Mankhwala ake enieni ndi kujambulanso, ndipo anthu sakonda kumva zimenezi. Koma chipindacho n'chanu, chili pomwepo. Yang'anani chithunzi cha katunduyo, muone kuti kamera inali pa msinkhu wanji ndiponso mbali iti, kenaka mujambule chipinda mofananamo. Kapena pitani kwa kalipentala ndi tepi. Ikani foni pa masentimita 150, pa `1x`, yoongoka osaweramitsa, chifukwa mukaiweramitsa makoma amapendekeka ndipo masamu aja sagwiranso bwino. Imani mtunda wofanana ndi umene munaima kuchokera pakhoma la kwanu. Zithunzi ziwirizi zikakumana, ntchito yotsala ndi kuchepetsa kapena kukuza mofanana mbali zonse mpaka msana ufike pa mapikiselo omwe mwawerengera. Pamenepo ndiye bwerani tikambe za mthunzi: wakuda ndi wopyapyala pamene mwendo wagunda pansi, wofewa wothawa kumene kuli windo.